Mwana wa miyezi 9 akulira ndikangomugoneka

Funso: Adokotala, mwana wanga wa miyezi 9 ankagona bwino, koma tsopano ndikangomugoneka n'kuchokapo amalira kwambiri, ndipo usiku amadzuka kanayi kufuna bere. Kodi ndamuzoloweza molakwika?

Yankho: Mayi, palibe chimene mwalakwitsa. Pakati pa miyezi 8 ndi 10 mwana amayamba kuzindikira kuti munthu amene wachoka pamaso pake akadalipo kwinakwake. Kale mukatuluka sankakufunani kwenikweni, koma lero akudziwa kuti mulipo ndipo simuli naye, komanso alibe nzeru yowerengera nthawi yoti adziwe kuti mubwera posachedwa.

Kumutonthoza sikumuwononga ayi. Chimene mwana amazolowera ndi mmene zinthu zinalili pamene tulo timamugwira. Mwana aliyense amatsitsimuka kangapo usiku, ndiye ngati anagona bere lili m'kamwa n'kudzuka ali yekha, amalira kuti zibwerere mmene zinalili. Sindikuganiza kuti maulendo anayi onsewo ndi njala, ngakhale kuti kuyamwa kamodzi kapena kawiri usiku pa msinkhu umenewu si kwachilendo.

Choncho yambani ndi kugona koyamba kwa madzulo, chifukwa m'pamene chizolowezi chimakhazikika. Muyamwitseni kaye, kenako mumusambitse kapena kumusintha thewera, mumuimbire nyimbo yomweyomweyo, ndipo zonsezi zisapitirire mphindi 30. Mugonekeni chagada maso atayamba kulemera koma asanagone. Masiku atatu oyamba khalani pambali pake dzanja lili pachifuwa chake, mukulankhula motsitsa mawu. Akalira mosweka mtima munyamuleni, koma akangokhala chete mumubwezere pogona pake tulo tisanamugwire m'manja mwanu. Usiku woyamba mukhoza kubwereza zimenezi kambirimbiri, ndipo n'zotopetsa ndithu. Masiku atatu otsatira khalani pomwepo osamugwira, kenako muzisendeza mpando pang'onopang'ono mpaka pakhomo. Akadzuka pakati pa usiku, dikirani kamphindi, chifukwa kudandaula pang'ono kumatha kokha, ndipo mukapita yambani ndi mawu ndi dzanja musanamupatse bere.

Musamachoke mozemba, chifukwa mwana wozembedwa amayamba kukulonderani m'malo mogona. Muuzeni mawu amodzimodzi otsanzika tsiku lililonse, ndipo masana muzisewera naye mobisa nkhope n'kuionetsanso. Pilo ndi zidole zofewa musamuikire pogona asanakwanitse chaka, ngakhale mutaganiza kuti zimutonthoza, popeza zikhoza kumutseka mpweya.

Kulira kofuna mayi kumatha mukangomunyamula. Ngati akulirabe ali m'manja mwanu, watentha thupi kufika madigiri 38, akukana bere, akusanza, akutsegula m'mimba kapena akukoka khutu uku akulira, siyani zonse ndafotokozazi ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Akachira mudzayambirenso pa masiku atatu oyamba aja.