Laisensi ndilibe, kodi ndifunsire ntchitoyi?

"Ndaona chidziwitso cha ntchito ya ukalaliki wosunga katundu ku Msasa, mu mzinda wa Harare, ndipo ndakutumizirani. Akufuna maphunziro asanu a mayeso a sekondale a ZIMSEC a ku Zimbabwe, zaka zitatu pa ntchito, kudziwa pulogalamu ya pa kompyuta yowerengera ndalama ndi katundu ya Sage Pastel ndiponso laisensi ya galimoto. Ine ndagwira zaka ziwiri zokha ndipo laisensi ndilibe. Kodi ndilembe kalata kapena ndingosiya?"

Achemwali, lembani kalatayo tsiku lotsekera lisanafike, ndipo ndikufotokozerani mmene ndachiwerengera chidziwitsocho kuti ndifike pamenepa.

Ine sindiyambira pa mndandanda wa zofunika, ndimayambira pa gawo lofotokoza ntchito za tsiku ndi tsiku, chifukwa gawo limeneli kawirikawiri limachokera kwa bwana amene mudzakhale naye, pamene mndandanda uja nthawi zina amangokopera pa chidziwitso chakale. Apa alemba ntchito zinayi: kulandira katundu, kumulowetsa mu kompyuta, kulemba mainivoisi, ndi kuwerenga katundu yense kumapeto kwa mwezi. Tsono tengani chofunika chilichonse, mufunse kuti chikukhudza ntchito iti mwa zinayizi.

Pastel ikukhudza zitatu, choncho imeneyo si yokambirana. Musadabwe akakukhazikani pa kompyuta tsiku la mafunso n'kukupatsani inivoisi kuti muilowetse iwo ali chilili kumbuyo kwanu, ndipo munthu amene anangolemba dzina la pulogalamuyo pa pepala amaonekera pomwepo, dzanja lili njenjenje pa mausi. Ngati mumaigwiritsadi ntchito, itchuleni m'ndime yoyamba ya kalata yanu.

Maphunziro asanu aja nawonso ndi mpanda weniweni, makamaka popeza atchula Chingerezi ndi Masamu. Wosankha makalata amayang'ana giredi C kapena kuposa apo, ndipo satifiketi ikaperewera kalata imaikidwa pambali zina zonse zisanawerengedwe.

Laisensi ndi nkhani ina. Mwa ntchito zinayi zija palibe yoyendetsa galimoto, ndiponso pambali pake alembapo "added advantage", mawu osonyeza kuti angakondwe mutakhala nayo koma sangakubwezeni chifukwa chosowa. Akadalemba kuti muzikaperekanso katundu kwa makasitomala ku Graniteside kapena ku Workington, ndikadakuuzani kuti musataye ndalama zanu za kombi, pakuti lamulo silola munthu wopanda laisensi kuyendetsa galimoto pamsewu, ngakhale bwana atamukonda chotani.

Pa zaka zitatu ndi pamene ambiri amagwa mphwayi, ndipo zimandipweteka kuona anthu odziwa ntchito akudzichotsa okha. Nambala imeneyi ndi muyeso wongoyerekeza wa munthu amene sadzafuna kuphunzitsidwa kuyambira pachiyambi. Mukadakhala ndi miyezi itatu yokha, mpatawo ukadakula kwambiri, koma zaka ziwiri zikutanthauza kuti mwatseka mwezi kokwana 24 ngati kumene muli mumawerenga katundu mwezi ndi mwezi. Musawonjezere chaka chabodza, chifukwa amaimbira foni kumene munagwira. Lembani zaka ziwirizo poyera, kenaka mufotokoze ulendo umodzi umene katundu wa pa shelefu anasiyana ndi wa m'kompyuta, ndi mmene munatsatira mapepala mpaka kupeza pamene panalakwika.