Foda ya Downloads yasanduka dzala: ndifufute ziti?

"Laputopu yanga ikudandaula kuti malo atha. Mu Downloads muli zinthu zokwana 38 GB, zambiri ndi mafayilo a .exe ndi .zip. Ndikawafufuta, kodi mapulogalamu anga sasiya kugwira ntchito?"

Ambiri sasiya ayi, koma pali msampha umodzi.

Tiyambe ndi zosavuta. Fayilo ya .exe kapena .msi yoikira pulogalamu ili ngati katoni imene munagulira katundu. Pulogalamu ikangolowa, imakakhala kwina, nthawi zambiri ku `C:\Program Files`, ndipo katoniyo ntchito yake yatha. Ngati dzina la pulogalamuyo likuoneka pa Settings > Apps, fufutani fayilo yoikirayo mtima uli m'malo. Enanu mumati "ndidzaifuna", koma pofika tsikulo imakhala yakalekale, mumakatenganso yatsopano. Ine ndimasunga zokhazo zimene sizipezekanso pa intaneti, monga pulogalamu yoyendetsera pulinta yakale.

Msampha uli pa .zip ndi .rar. Mukamasula fayilo yotere mumakhala ndi zinthu ziwiri, zipi yeniyeniyo ndi foda ya dzina lomwelo, ndiye kuti katundu mmodzi akudya malo kawiri. Chofufuta ndi zipi, mutayamba mwatsegula fodayo n'kuona kuti zonse zinatuluka bwino. Koma fodayo musaithamangire. Mapulogalamu ena saikidwa n'komwe, amangoyenda kuchokera pomwe munawamasulira. Ineyo ndinafufutapo foda yotere, m'mawa mwake ndikudina kachizindikiro ka pa Desktop, Windows n'kumandiuza kuti sikupeza chimene kakuloza. Zonse zimene ndinatchera mu pulogalamuyo zinapita nayo limodzi. Kuyambira pamenepo ndimadina kachizindikiroko ndi batani lakumanja n'kusankha Open file location. Kakanditengera ku Downloads, fodayo ndimaisamutsira kwina n'kupanga kachizindikiro katsopano.

Pa 38 GB yanuyo musayambe ndi timafayilo ting'onoting'ono. Dinani pa Size kuti zikuluzikulu zibwere pamwamba. Fayilo imodzi ya .iso ya Windows 11 imaposa 5 GB, kusiyana ndi ma PDF mazana. Kenako sakani za maina othera ndi (1) kapena (2), zomwe munatsitsa kawiri, komanso za .crdownload ndi .part, zomwe zinadukira panjira. Mukamaliza khuthulani Recycle Bin, apo ayi malo sabwerera.

Kuti dzalalo lisadzadzenso, mu Chrome yatsani Ask where to save each file before downloading. Poyamba zimatopetsa, koma chikalata chofunika chimapita kwawo nthawi yomweyo. Fayilo yoikira ifufuteni tsiku lomwe mwaika pulogalamu.

Windows ilinso ndi Storage Sense, yomwe mutha kuiuza kuti izifufuta zimene simunatsegule mu Downloads kwa tsiku 1, masiku 14, 30 kapena 60. Imabwera itatcheredwa pa Never, ndipo musaisinthe musanasamutse zofunika, chifukwa siisiyanitsa satifiketi yanu ndi zipi yotha ntchito.