Madzi owira kapena owiritsa? Za kapepala ka SRO

Funso: "Aphunzitsi, ndimagwira ntchito pachipatala china chaching'ono kuno ku Angonia. Tamasulira kuchokera m'Chipwitikizi kapepala ka SRO, ufa uja wa mchere ndi shuga wobwezera madzi m'thupi. N'kopatsa amayi amene ana awo akutsegula m'mimba. Kakuti: 'Ufa ukuyenera kusungunulidwa m'botolo la madzi owira. Madzi aziziritsidwe. Mwana apatsidwe mankhwalawa motsatira ndondomeko. Zinki aperekedwe tsiku ndi tsiku. Sambani m'manja.' Mnzanga akuti 'owira' n'kulakwa, tilembe 'owiritsa'. Akunena zoona ndani?" (Namwino wa ku Ulongwe)

Amayi, mnzanuyo mum'gulire chimanga chootcha, wanena zoona. Amawira ndi madzi, amawiritsa ndi munthu. Madzi owira ndi amene akadali pamoto, akubwata. Owiritsa ndi amene wina anawaika pamoto mpaka anawira, ndipo akhoza kukhala ozizira bwinobwino. Agogo anga ankati madzi ophitsa, mawu okoma amene ana a masiku ano awataya, koma papepala la chipatala tsatani amene aliyense akuwamva, kuyambira ku Domwe mpaka kutsidya ku Dedza, kumene ufa womwewu amautcha Thanzi.

Komatu mukangokonza liwu limodzilo n'kupita kukasindikiza, kapepalako kadzavulazabe mwana. Ambiri amene mudzawapatsa sadzakawerenga okha. Adzawawerengera mwana wa sukulu kapena mlamu, iwo manja ali pa ntchito, ndipo chimene chamveka koyamba ndicho chimachitika koyamba. Inu mwayamba ndi ufa, kuziziritsa kwabwera pambuyo, kusamba m'manja kwafika ntchito itatha kale. Mayi womvera adzathira madzi otentha m'botolo la pulasitiki, botolo n'kukwinyika, muyeso n'kusokonekera. Wina adzasakaniza ufa ndi madzi kenako n'kuteleka pamoto, madzi ena n'kuuluka ndi nthunzi, mchere n'kuchuluka.

Chimene chimandipweteka n'chakuti Chichewa chili ndi zomangira zakezake zosonyeza chotsogola ndi chotsatira, ndipo omasulira athu amazisiya. Tili ndi -sana-, tili ndi -ta-, tili ndi -ka-. Musanagwire, atazizira, akazizira. Tizidutswa timeneti timamanga ntchito ina pamsana pa inzake moti ngakhale wowerenga adumphe mzere, womvera amadziwa kuti pali china chimene chimayenera kuyamba. Ine ndikanalemba motere: "Musanagwire chilichonse, sambani m'manja ndi sopo. Wiritsani madzi. Akazizira, yezani lita imodzi. Mukayeza, thirani ufa wonse wa m'paketi imodzi, ndipo takasani mpaka usungunuke. Mukasakaniza musawiritsenso, musawonjezere shuga kapena mchere." Onani kuti kuyeza kwabwera madzi atawira kale, chifukwa madzi amachepa pamoto. Ngati kwanuko amayi amathira Seriteza, mankhwala aja oyeretsera madzi, m'malo mowiritsa, lembani mzere wakewake wonena kuti adikire mphindi 30 asanagwiritse ntchito madziwo.

Onaninso kuti ndachotsa "kusungunulidwa", "aziziritsidwe", "apatsidwe" ndi "aperekedwe". Kalembedwe kameneka ndi ka m'maofesi, kumene aliyense amaopa kuloza munthu chala. Aziziritsidwe ndi yani? Mayi amene mwana wake wafooka pamsana akufuna kuuzidwa iyeyo. "Wiritsani" ndi ulemu wokwanira, -ni uja ndiye ulemuwo, simufunikanso kuzungulira.

Tsono botolo. M'misika ya ku Ulongwe muli mabotolo a madzi a theka la lita ndi ena a lita ndi theka, ndipo onse dzina lawo ndi botolo. Paketi yopangidwira lita imodzi ikalowa m'botolo la mamililita 500, mchere ndi shuga zimawirikiza kawiri, ndipo madzi oterowo akhoza kuwonjezera kutsegula m'mimba n'kukweza mchere m'magazi a mwana mpaka kukomoka. Ikalowa m'botolo lalikulu lija, madziwo amasukuluka. Yang'anani kaye pa paketi imene muli nayo kuti ndi ya madzi ochuluka bwanji, kenako lembani "mabotolo awiri odzaza a theka la lita, aja olembedwa 500", ndi chithunzi pambali. Anzanu ena adzakangana kuti tilembe lita kapena litulu monga amanenera ambiri kwanuko. Pamenepo ine sindilimbana ndi munthu. Kalata ndi nsapato tinazitenga kwa Apwitikizi omwewo ndipo palibe amadandaula. Lembani limene amayi a kwanuko amanena pogula mafuta ophikira.

Koma "ndondomeko" ndiye ayi. Liwu limeneli ine ndimaliona ngati m'bale wa kulondola, kutsata mapazi mpaka upeze mbuzi yako, koma lero lasanduka pobisalira aliyense amene sakufuna kutchula nambala. Ndondomeko yake ili kuti papepalapo? Nenani: mwana wosakwana zaka 2 amwe mamililita 50 mpaka 100 nthawi iliyonse akachita chimbudzi chamadzi, wa zaka 2 mpaka 10 amwe 100 mpaka 200. Pa kapu ya mamililita 200, wamng'onoyo ndi kota mpaka theka la kapu, wamkuluyo theka mpaka kudzaza. Wakhanda mum'mwetse ndi supuni, pang'onopang'ono. Liwu loti "mankhwalawa" nalonso ndikanalichotsa, n'kulemba "madziwa". Kwathu mankhwala amamwa supuni imodzi m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo amayembekezera kuti matenda aleke. SRO saletsa kutsegula m'mimba, amabwezera madzi ndi mchere zimene thupi likutaya. Mukapanda kunena zimenezi, mayi adzaona chimbudzi chikupitirira n'kunena kuti mankhwala akanika.

"Tsiku ndi tsiku" sakunena kangati, sakunenanso mpaka liti. Zinki ndi kamodzi pa tsiku, piritsi lathunthu la mamiligalamu 20 kwa mwana wa miyezi 6 kupita m'tsogolo, theka kwa wosakwana miyezi 6, kwa masiku 10 mpaka 14. Sankhani nambala imodzi imene chipatala chanu chimatsata, ndipo muwonjezere kuti "ngakhale kutsegula m'mimba kutasiya, malizani".

Zimene kapepalako sikananene n'komwe ndizo zoopsa kwambiri. Mwana akasanza, mayi ambiri amasiyiratu kum'mwetsa, choncho lembani kuti adikire mphindi 10 kenako apitirize pang'onopang'ono kuposa poyamba. Apitirize kuyamwitsa ndi kudyetsa. Madzi osakaniza asapitirire maola 24, ndipo pano musalembe "tsiku limodzi", chifukwa wina adzataya dzuwa likalowa, wina adzasunga mpaka mawa usiku. Lembani "mawa nthawi ngati yomwe munasakaniza, tayani otsala, mupange ena". Ndipo pamwamba penipeni, m'bokosi, osati kumunsi kumene pepala limanyowa ndi kung'ambika: pitani kuchipatala msanga mwana akamakanika kumwa kapena kuyamwa, akamasanza chilichonse, akafooka moti sakudzuka bwino, akakomoka, akatentha thupi, maso akalowa m'kati, kapena mukaona magazi m'chimbudzi. Mzere womalizawu ndimalemba "magazi m'chimbudzi cha mwanayo", popeza chimbudzi ndi kanyumba komwe.

Musanasindikize, itanani mayi mmodzi pa sikelo, mum'patse paketi, beseni, kapu ndi mabotolo a misinkhu yosiyana, wina aziwerenga mokweza, inu mukhale chete muziyang'ana manja ake. Musam'funse kuti "mwamva?", chifukwa mayi wa ku Angonia sangayankhe namwino kuti ayi. Pamene dzanja lake laima, kapena latola botolo lolakwika, ikani chizindikiro pa mzere umene unkawerengedwa nthawi imeneyo, mukaulembenso.