Geti valavu, bolo valavu kapena gulobu valavu?

"Ndikuyika mapaipi a madzi kuchokera pa thanki. Geti, bolo ndi gulobu valavu zimasiyana bwanji, ndipo iti ndiyike pati?"

Achimwene, yambani ndi funso ili: pamenepo mukufuna kutseka ndi kutsegula basi, kapena kuchepetsa madzi?

Geti valavu ili ndi kachitseko kamene kamakwera ndi kutsika mukamapotokola gudumu lake kambirimbiri. Ikatseguka yonse, madzi amadutsa osapingidwa. Koma musaisiye pakati. Madzi amagwedeza kachitsekoko n'kudya m'mphepete mwake, ndiye tsiku lofuna kutseka mudzaona madzi akudonthabe. Ine ndinaononga imodzi choncho.

Bolo valavu ili ndi kampira koboola pakati. Chogwirira chikagona motsata paipi ndiye kuti yatseguka, chikapingasa yatseka, mumaona ndi maso ngakhale muli patali. Pamapaipi ang'onoang'ono ndimakonda imeneyi, makamaka potulukira pa thanki, chifukwa imatseka ndithu ngakhale itakhala chaka osaigwira. Vuto lake n'lakuti imatseka mwadzidzidzi. Madzi othamanga akaimitsidwa choncho, paipi imagunda kuti phwa, ndipo molumikizira mutha kung'aluka. Muzitseka pang'onopang'ono.

Yochepetsera madzi ndi gulobu valavu. M'kati mwake madzi amakhota kudutsa pakabowo kamene chotsekera chimakhalapo, motero mutha kusintha kayendedwe kake pang'onopang'ono osaiononga. Kukhotako kumadya mphamvu ya madzi, ndiye ngati thanki yanu ili pafupi ndi pansi, madzi adzafika ofooka. Poimanga yang'anani muvi uli pathupi pake, uloze komwe madzi akupita.