Magazi pochita chimbudzi: ndi mudzi womwewo kapena ndi matenda ena?

Adokotala, ndine bambo wa zaka 54, ndimalima mbatatesi ku Tsangano ku Ntcheu. Ndakhala ndi mudzi kwa zaka zambiri, ndipo ndikadzimbidwa ndinkaona timagazi masiku awiri atatu kenako n'kusiya. Koma miyezi itatu tsopano magazi sakuleka, nthawi zina akubwera ndi zonanda ngati mamina. Ndikupita kuchimbudzi kanayi kapena kasanu patsiku koma osamva kuti ndamaliza. Ndinagula flajilo ndi mankhwala opaka, sizinathandize. Mayi a kunyumba akuti ndaonda. Kodi ndi mudzi womwe uja wakula?

Bambo, zimene mukuona panozi musaziike pa mudzi kufikira wachipatala atakupimani. Mudziwo mwina ulipodi, koma suletsa matenda ena kuyamba m'matumbo momwemo, ndipo anthu amene amachedwa kwambiri kutipeza ndi omwe anazolowera kale kuona magazi. Pitani kuchipatala cha boma ku Ntcheu sabata yomwe ino. Mbatatesi achibale atha kukuyang'anirirani.

Mudzi ndi mitsempha ya magazi imene yafufuma pakhomo penipeni potulukira chimbudzi. Chimbudzi chimafika pamenepo chitaumbika kale, ndipo chimangokhula mitsemphayo podutsa. N'chifukwa chake magazi a mudzi amakhala ofiira psuu, amabwera pomaliza, amadontha kapena kuthovoka, ndipo mumawapeza pa pepala lodzipukutira kapena atangopaka kunja kwa chimbudzicho. Sakhala ndi nthawi yosakanikirana nacho. Amabwera munthu akadzimbidwa, akamadzikakamiza kapena kukhalitsa chinjutire pachimbudzi, komanso mwa amayi oyembekezera, ndipo chimbudzi chikafewa amasiya okha. Mudzi wa m'kati kawirikawiri supweteka n'komwe. Umangoyabwa, kapena kanyama kamatuluka n'kubwerera. Ngati magazi ofiirawo akubwera ndi ululu wocheka umene umapitirira ola lathunthu munthu atachoka kuchimbudzi, nthawi zambiri pamakhala pang'ambika pakhomopo chifukwa cha chimbudzi cholimba. Zimene munkaona zaka zam'mbuyomu zikufanana ndi mudzi.

Magazi ochokera m'kati mwa matumbo amayenda limodzi ndi chimbudzi chisanaume, motero amalowerera m'kati mwake. Amaoneka oderako, nthawi zina timibulu toundana, ndipo amakonda kubwera ndi zonanda.

Vuto n'loti ambirife timagwiritsa ntchito chimbudzi chokumba, ndipo ndikafunsa wodwala kuti magaziwo ali pamwamba kapena m'kati, amandiyang'ana modabwa. M'dzenje simuona kanthu. Ndiye musanabwere, tsiku limodzi masana chitirani pa pepala, pa tsamba la nthochi kapena m'beseni lakale. Tengani kamtengo, gawani chimbudzicho pakati, muone ngati m'katimo muli magazi kapena ndi kunja kokha. Onaninso mtundu wake, komanso ngati chikutuluka chopyapyala kusiyana ndi kale. Ngati muli ndi foni yojambula, jambulani. Kwa ife chithunzi chotere si chamanyazi, chimatithandiza kuposa kufotokoza kwa pakamwa. Mukatha tayirani zonse m'dzenje n'kusamba m'manja ndi sopo.

Komabe mtundu wa magazi pawokha sungakumasuleni. Chotupa chikamera pafupi ndi khomo, magazi ake amakhalanso ofiira bwinobwino ofanana ndi a mudzi. Chimene ndimayang'ana kwambiri ndi kusintha kwa kachitidwe ka chimbudzi, ndipo apa ndi pamene kalata yanu yandiimitsa.

Chigawo chomaliza cha matumbo chimagwira ntchito yosunga chimbudzi, ndipo chikadzaza chimauza thupi kuti nthawi yakwana. Mukakhala chotupa kapena chilonda m'menemo, thupi limamva ngati mukadali chimbudzi. Munthu amathamangira kuchimbudzi, kumatuluka timagazi ndi zonanda basi, akabwerako pakapita kanthawi afunanso. Ena m'mawa amadzuka ndi changu chotere, ena amasinthasintha, sabata ino kudzimbidwa, sabata yamawa kutsegula. Mudzi waukulu ungapangitse munthu kumva kulemera pakhomo, koma susintha kuchuluka kwa maulendo a kuchimbudzi kwa miyezi, ndipo suondetsa munthu. Mwa bambo wopitirira zaka 50, zizindikiro izi zikakhala pamodzi timayenera kufufuza khansa ya m'matumbo kaye tisanaganize zina. Sindikunena kuti muli nayo. Ndikunena kuti ndi imene sitingalole kuiphonya. Ndipo achinyamata asadzione otetezeka, poti kuno kwathu timaipeza ngakhale mwa anthu a zaka za m'ma 30.

Amene anakugulitsani flajilo ankaganiza za kamwazi, ndipo n'zoona kuti kamwazi amabweretsanso magazi, zonanda ndi kumangofuna kuchimbudzi. Kusiyana kwake kuli pa nthawi. Kamwazi amayamba mwadzidzidzi, m'mimba mumapota, nthawi zambiri thupi limatentha, mwinanso wina pakhomo akudwala chimodzimodzi, ndipo akalandira mankhwala oyenera amatha m'masiku ochepa. Wamtundu wa amiba atha kukhalitsa, n'chifukwa chake timapima chimbudzi, koma amamva flajilo akamwedwa mokwanira. "Kamwazi" amene wadutsa mwezi, wamwedwera mankhwala ulendo woyamba ndi wachiwiri osasintha, ameneyo safunikanso mapiritsi ena. Afunika kupimidwa.

Pali chinanso choti mukatchule. Ngati munakhalapo kapena kulima mpunga kuchigwa cha Bwanje, kapena kusamba ndi kuwedza cha ku Golomoti ndi Mtakataka, nenani. Likodzo silikhala m'chikhodzodzo mokha. Lilipo la m'matumbo limene limatulutsa magazi m'chimbudzi, mazira ake amaoneka pa makina oonera tizilombo, ndipo limachizika ndi prazikwantelo. Koma ngakhale likodzo litapezeka, pa msinkhu wanu kufufuza kusathere pomwepo.

Kuchipatala kukachitika izi. Choyamba akakukwezani pa sikelo, ndipo ngati m'buku lanu la kuchipatala muli kulemera kwanu kwa chaka chatha, tidzadziwa kuti mayi akunena zoona motani. Kutsika ndi makilogalamu 4 kapena 5 popanda kusintha kadyedwe si nkhani yaing'ono. Kenako akayang'ana m'zikope ndi m'manja, n'kutenga magazi kuti aone kuchuluka kwake. Mwa bambo, muyezo umene pa pepala umalembedwa Hb uyenera kukhala 13 kapena kuposera apo, mwa mayi wosayembekezera 12. Bambo akapezeka ndi 9 kapena 10, akutopa pokwera mtunda umene kale ankaukwera atasenza thumba, timafunsa kuti magaziwo akuthera kuti. Mudzi utha kuchepetsa magazi ngati ukukha kwambiri kwa nthawi yaitali, koma sizichitika kawirikawiri, ndipo ine sindivomera kuti ndi mudzi ndisanaone m'matumbo.

Kenako pamabwera gawo limene abambo ambiri amalithawa. Mudzagona chammbali mutapinda mawondo, wachipatala adzavala magolovesi, kupaka mafuta oterera, n'kulowetsa chala. Sizitenga mphindi ziwiri. Chala chimafika masentimita 7 kapena 8, ndipo zotupa zambiri za chigawo chomalizachi zimamera pamene chala chingazikhudze. Mudzi wa m'kati ndi wofewa kwambiri moti chala sichiumva bwino. Umaoneka akalowetsa kachipangizo kakafupi kokhala ngati paipi kounikira. Choncho chala chikakumana ndi chinthu cholimba, chokakala, chosiya magazi pa golovesi, chimenecho si mudzi. Ndinene mosabisa: mukangopatsidwa mankhwala opaka popanda kupimidwa chonchi, pemphani mwaulemu kuti akupimeni. Nenani kuti, "Magazi atha miyezi itatu, chimbudzi chasintha, ndipo ndaonda." Mukangoti "ndili ndi mudzi", pa mzere wautali wa Lolemba m'mawa mutha kulemberedwa za mudzi n'kubwerera.

Chala chikapanda kupeza kanthu, nkhani sinathe. Matumbo aakulu ndi otalika pafupifupi mita imodzi ndi theka, ndipo chala chimangoona poyambira. Ndi zizindikiro zanuzi mufunika kalata yokutumizani kuchipatala chachikulu, monga Kamuzu Central ku Lilongwe, kuti akakuunikeni ndi kachingwe kokhala ndi kamera, kumene timati kolonosikopi. Dzulo lake mumamwa mankhwala otsuka m'mimba ndi zamadzimadzi zokha, chifukwa m'matumbo mukatsala chimbudzi kamera siona bwino ndipo ulendo umapita pachabe. Akapeza chotupa amatapako kachidutswa kukapima, ndipo ndi zotsatira zimenezo zokha zimene zinganene kuti ndi khansa kapena ayi. Nthawi zina amapeza tinyama tomera m'khoma la matumbo timene sitinasanduke khansa. Timeneti timatenga zaka zambiri kuti tisinthe, ndipo tambiri timachotsedwa pa kuunika komweko. Nthawi zina amapeza kutupa kwa matumbo kokhalitsa, kumene kuli ndi mankhwala ake. Khansa imene sinafalikire imachotsedwa ndi opaleshoni ndipo anthu amachira. Funsaninso kwanu ngati bambo, mayi kapena abale anu a bere limodzi anadwalapo zotere, poti zimenezo zimasintha mmene timafufuzira, ngakhale kwa ana anu.

Pamene mukukonzekera ulendo, pali zimene sizidikira kucha. Chimbudzi chikatuluka chakuda bii, chomata ngati phula ndi fungo loipa kwambiri, amenewo ndi magazi ochokera kumtunda, m'chifu kapena kum'mero, amene agayika panjira. Mamililita 50 mpaka 100 okha ndi okwana kudetsa chimbudzi chotero. Zimachitika ndi zilonda za m'mimba, makamaka mwa omwa bufeni, indosidi kapena asipirini tsiku ndi tsiku chifukwa cha msana, komanso mwa omwe chiwindi chinaonongeka. Mapiritsi oonjezera magazi nawonso amadetsa chimbudzi, koma sichimata ndipo sichinunkha motero. Chakuda chomatacho, kusanza magazi, kutuluka mibulu yambiri ya magazi, chizungulire poimirira, mtima kuthamanga, kapena mimba kufufuma osatuluka chimbudzi ngakhale mpweya, zonsezi n'zopita kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku.

Pakadali pano siyani flajilo, ndipo ngati mumamwa bufeni kapena indosidi, sinthani mumwe panado. Musamwe mankhwala otsegula m'mimba amphamvu kapena kudzipopa ndi zitsamba, ndipo musalole wina aliyense kumanga, kudula kapena kutentha kanyama kotuluka kumusiko. Ndaonapo mabala oopsa ochokera kumeneko, ndipo amasokoneza kupima. Idyani masamba, nyemba, papaya ndi nsima ya mgaiwa, muzimwa madzi okwanira kuti chimbudzi chifewe. Magazi akachepa chifukwa cha zimenezi ulendo usalephereke, chifukwa chotupa nachonso chimatha kuleka kukha kwa masabata angapo n'kuyambiranso. Tengani buku lanu la kuchipatala, mapaketi a mankhwala onse amene mwamwa, ndipo mupite ndi mayiwo, poti iwo ndi amene aona kusintha kwa thupi lanu ndipo adzakumbukira zimene inu mungazisiye.