Mawu oyankhula mu takisi ya pa Joni ndi pofunsa njira

"Achimwene, ndangofika kumene pa Joni, ndikukhala ku Rosettenville ndipo ndapeza kaganyu ku Randburg. Vuto ndi takisi. Ndikakwera ndimangoti zii kuopa kuti ndikatsegula pakamwa adziwa kuti ndine wobwera, tsiku lina mpaka anandipitiriza chifukwa sindinadziwe ponena kuti nditsike. Mundilembereko mawu oyankhula ndi dalaivala komanso ofunsira njira, ndi matanthauzo ake m'Chichewa."

Achemwali, chomwe chimakuonetsani kuti ndinu mlendo mu takisi ya pa Joni ndi kukhala duu komweko. Munthu wa kumeneko akamalowa mu Kwantamu, minibasi ya Toyota yomwe amaitcha takisi, amapereka moni kwa anthu onse, amati "Sanibonani", anthu n'kuyankha "Yebo". Basi, mawu amodzi okhawo. Ngati ndi munthu mmodzi mumati "Sawubona", n'kuonjezera "baba" kwa bambo wachikulire, "mama" kwa mayi, "bhuti" kwa wachinyamata, "sisi" kwa mtsikana. Musadabwe kuti akulu omwe akuwapatsa moni wa "unjani" ngati mwana, ambiri m'tauni amatero, koma inu mukati "ninjani baba" ngati momwe timanenera kwathu kuti muli bwanji, mwalemekeza ndipo amamva kukoma. Akakufunsani inuyo muyankhe "Ngikhona", ndilipo. Chizulu ndi chomwe chimayenda kwambiri m'matakisi a pa Joni, mukadzapita ku Pitoliya mudzamva "Dumelang" wa Chisutu ndi Chitswana koma izo ndi za tsiku lina.

Tiyeni tiyende ulendo wanu womwewo. Mwaima pamsewu ku Rosettenville, mukufuna ya m'tauni, mumakweza chala chamkombaphala kuloza kumwamba. Chala choloza pansi ndiye kuti mukungopita chapafupi m'dera lomwelo, ndiye musasokoneze. Mukafika m'tauni mukufuna renki ya Bree, komwe kumakhala za ku Randburg. Msewuwo anausintha dzina kukhala Lilian Ngoyi koma aliyense amangoti Bree, mukafunsa dzina latsopanolo ena akuyang'anani modabwa.

Pofunsa muyambe ndi moni uja, kenako "Ngicela ukubuza", kutanthauza ndifunse nawo. Mawu akuti "ngicela" muwagwire zolimba chifukwa ndi omwe amafewetsa chilichonse, ndi ndikupempha wathu uja. Mukatero ndiye funso: "Akuphi amatekisi aya eRandburg?", ali kuti matakisi opita ku Randburg. Mukaipeza, musanalowe, "Iya eRandburg le?", ikupita ku Randburg iyi? Dzina la malo mungosintha, kutsogolo kwake n'kuika e, eSandton, eSoweto, choncho.

Koma apa ndi pomwe anthu ambiri amagwa, ndipo ndikufuna mumvetse. Kufunsa n'kosavuta, mutha kuloweza usiku umodzi. Chovuta ndi yankho, chifukwa munthu uja akamva mwafunsa bwino m'Chizulu amaganiza kuti mumachitha ndiye amangokhuthula mawu mofulumira, inu n'kumangogwedeza mutu mwaulemu kenako n'kunyamuka osamva kanthu. Ndiye m'chigulu cha mawu akewo inu muzisaka ochepa okha. "Qonda" kapena "hamba uqonde" ndi pitani molunjika. "Jika" ndi khotani. "Kwesokudla" ndi kumanja, muzikumbukira dzanja lodyera nsima. "Kwesokunxele" ndi kumanzere. "Wela umgwaqo" ndi woloka msewu, "phambili" ndi kutsogolo, "eduze" pafupi, "kude" kutali. Ndipo roboti mudzaimva pafupipafupi chifukwa njira kumeneko amawerengera maroboti, yoyamba, yachiwiri. Zikakuthamangirani nenani "Ngicela uphinde", mubwerezenso, kapena "Ngisafunda isiZulu", ndikuphunzira kumene Chizulu. Koposa zonse ine ndimakonda "Ngicela ungikhombise", mundilozere, chifukwa dzanja silisowa womasulira. Akaloza, inunso lozani komweko n'kufunsa "Ngapha?", uku? Akati yebo ndiye mwamvana. Yendani mpaka roboti yomwe wanenayo kenako mufunsenso wina, osafuna kusenza njira yonse m'mutu kamodzi.

Wofunsa musankhe. Pa renki pamakhala amene amaimika anthu pamizere ndi kudzazitsa matakisi, amenewo amadziwa mzere uliwonse. Kunja kwa renki funsani amayi ogulitsa zipatso kapena alonda a pashopu. Mnyamata wongokuthamangirani yekha kuti ndikuperekezeni, mukaneni mwaulemu, ndipo foni isatuluke m'chikwama mbali za marenki a Bree ndi Noord. Mawu akuti "Ngilahlekile", ndasochera, ndi abwino kuwadziwa koma muziwanena kwa mayi uja chapansipansi, osati kulengeza pamsewu.

Za ndalama tsopano. Kulibe kondakitala ngati maminibasi a ku Limbe kapena ku Mchesi. Ndalama amasonkhanitsa mzere ndi mzere n'kumapatsirana mpaka kutsogolo, ndipo wokhala pambali pa dalaivala ndi amene amawerenga ndi kubweza chenji, ndiye masabata oyambawa mpando wakutsogolo muusiye kaye. Funsani woyandikana naye "Malini?", zingati. Tiyerekeze akuti ma randi 20 ndipo inu muli ndi 50, mumamupatsa wa pamzere wanu, iye aphatikiza ndi za anzanu n'kunena chiwerengero cha anthu popereka kutsogolo, 30 yanu ibwerera njira yomweyo. Ikachedwa musaope kunena "Ngicela ushintshi wami", ndikupempha chenji changa. M'mawa muziyesetsa kukhala ndi ndalama zing'onozing'ono, ya 200 mamawa imakwiyitsa takisi yonse.

Potsika pali mawu awiri omwe aliyense amanena, ndi a Chingerezi koma a mu takisi. "Shoti lefiti" ndiye kuti ndisiyeni pa kamsewu kotsatira kakumanzere, "afita roboti" ndiye tikangodutsa roboti. Muzinena mokweza komanso nthawi ikadalipo, chifukwa wailesi imakhala pamwamba ndipo dalaivala sangaime mwadzidzidzi pakati pa magalimoto. Cha Chizulu ndi "Ngicela ukwehla", nditsike nawo. Hl ameneyo ikani lilime ngati mukufuna kunena l kenako muuzire mpweya m'mbali mwake. Ngati malowo simukuwadziwa, muuzeni woyandikana naye mutangokwera kuti "Ngicela ungitshele uma sifika", mundiuze tikafika, n'kutchula malowo, nthawi zambiri amakukuwirani yekha kwa dalaivala. Potsika, "Ngiyabonga", zikomo.

Macheza enieni ndi dalaivala sachitika kwenikweni mu Kwantamu, amakhala otanganidwa ndi hutala ndi kusaka anthu. Amachitika mukakwera Uber kapena Bolt muli awiri. Poyambira pabwino ndi nyengo, "Kuyabanda namhlanje", kukuzizira lero, zomwe mu Juni ndi Julaye pa Joni n'zoona zedi, kapena "Kuyashisa", kukutentha. Kenako mpira: "Ulandela iChiefs noma iPirates?", mumatsatira Chiefs kapena Pirates. Funso la "Uvelaphi?", mumachokera kuti, lidzabwera ndithu. Mantha anu ndikuwamvetsa, ziwawa zochitira obwera za mu Meyi 2008 ndi zina zotsatira anthu athu sanaiwale, ndiye ngati mtima sukukhazikika palibe chokukakamizani, mutha kungotchula komwe mukukhala n'kusintha nkhani. Koma kunama kuti ndinu wa ku Limpopo ayi, akufunsani mudzi ndi chilankhulo n'kukugwirani. Munthu akaoneka wabwinobwino ingonenani "Ngivela eMalawi". Wa Pirates akutchulirani Gabadinho Mhango yemwe anamwetsa zigoli 16 mu ligi ya 2019/20, wa Chiefs wachikulire akukumbutsani Patrick Mabedi yemwe anali kaputeni wawo. Za mapepala anu, malipiro ndi nyumba yeniyeni yomwe mumagona musazilowetse m'macheza, ndipo pobwerera kunyumba muzitsika pakona kapena pashopu yapafupi.