"Ndiye mukufuna zingati?"

*"Ndimaweta nkhuku za nyama ku Mitundu, 200 ulendo uliwonse, ndipo ndikufuna zifike 500. Bambo ena a holoselo mu Lilongwe avomera kuti ndikawaone Lachisanu, koma akuti ali ndi mphindi zitatu basi. Ndakutumizirani zithunzi za kope langa. Ndikanene chiyani, nanga ndikamalize bwanji kuti asangoti 'tiona'?"*

Achemwali, kalata yanuyi yandibwezera ku ofesi ina ku Kanengo, chaka cha 2019, ndipo mundilole ndiyambire kumeneko.

Nthawi imeneyo ndinali ndi mabuloyila 150 kuseri kwa nyumba ya lendi. Mnzanga wa kutchalitchi anandilumikiza ndi bambo ena a malole amene ankamveka kuti amaika ndalama m'mabizinesi a achinyamata. Ndinakonzekera sabata yathunthu. Nditalowa ndinayamba ndi imfa ya bambo anga, ndinabwera pa mavuto a fizi, kenako kusowa kwa ntchito m'dziko muno. Zonse zinali zoona, ndipo ndinkaziyankhula kuchokera pansi pa mtima. Iwo ankamvetsera uku akutembenuzatembenuza makiyi patebulo. Mwadzidzidzi anaika makiyi aja pansi n'kundifunsa kuti, "Ndiye mukufuna zingati?"

Ndinayankha kuti, "Chilichonse chimene mungathe, bwana."

Anapisa m'thumba, n'kuwerenga ma K2,000 asanu, n'kundipatsa amvekere ya thiransipoti. Ndinalandira ndi manja awiri. Kope langa, momwe munali tsiku lililonse logulira chakudya ndi nkhuku iliyonse imene inafa, linali m'chikwama pamiyendo panga, losatsegula. Ndili pa siteji kudikira minibasi m'pamene ndinamvetsa chimene chinachitika. Sanandikane ayi. Panalibe choti avomere kapena kukana, chifukwa sindinawaikire kanthu patebulo. Ndinalowa ngati wabizinesi koma ndinayankhula ngati wodzapempha chithandizo, ndipo iwo anandithandiza monga amathandizira wopempha. Mpaka lero ndikakumbukira mumtima mumandiwawa, chifukwa nkhuku zija zinkapanga phindu ndithu.

Tinaleredwa kuti kwa wamkulu sutchula nambala. Umati "ndimati ndikuoneni", umazungulira, umadikira kuti iwo aganize okha. Pa chinkhoswe kapena pa maliro ulemu umenewo ndi wofunika, ndipo sindikuunyoza. Koma munthu amene wakupatsani mphindi zitatu, ulemu umene akuufuna ndi woti musamutayire nthawi. Ine ndafika pokhulupirira kuti pempho limalembedwa koyambirira, mawu ena onse asanalembedwe. Mukhale pansi mulembe: ndalama zingati, zikagwira ntchito yanji, iwo apeza zingati, ndipo azilandira liti. Chiganizo chilichonse chimene sichikuthandiza kuti akhulupirire zinayizi chichoke, ngakhale chikome bwanji.

Pali chinanso chimene chimandikwiyitsa. M'maphunziro ena a zabizinesi amene ndakhalapo, amaphunzitsa achinyamata kuyamba ndi kuchuluka kwa anthu m'Malawi muno, ati onsewo ndi msika wako. Munthu wa holoselo sangatengeke nazo zimenezo. Amadziwa kuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Malo odyera awiri amene ndawaona m'kope lanu, omwe akhala akutenga nkhuku ulendo uliwonse, akuposa mamiliyoni a anthu amene simunawagulitsepo ngakhale nthenga. Mawa lomwe mupite kwa eni akewo akulembereni kakalata ka mizere itatu konena kuti angatenge nkhuku zingati mutawonjezera. Popanda kalatayo, nkhuku 300 zowonjezerazo ndi ngozi, chifukwa buloyila akapitirira masabata asanu ndi limodzi osagulidwa amangodya phindu lanu tsiku ndi tsiku.

Muganizirenso kumene ndalama ya bambowo ili panopa. Siili pansi pa matiresi. Ikuzungulira mu shuga, mafuta ophikira ndi sopo, ndipo ikuwabweretsera kenakake mwezi uliwonse. Akukumbukiranso bwino za Novembala 2023, pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Aliyense amene anali atakongoza ndalama nthawi imeneyo anabwezeredwa ndalama yopepuka. Ndiye mukangoti "ndidzabweza", m'mutu mwawo akumva kuti aluza. Muyenera kutchula chapamwamba chimene apeze, komanso kuyamba kubweza msanga m'zigawo, osati kuwadikiritsa mpaka kumapeto.

Apa ndinene maganizo anga mosabisa: musawapatse gawo la bizinesi. Ndikudziwa kuti mawu oti masheya amamveka apamwamba. Koma khola limene silinalembetsedwe ngati kampani lilibe masheya oti n'kugawa. Chimene chimachitika n'choti patapita miyezi, munthu uja amatuma mwana kudzatenga nkhuku khumi za alendo poti "ndi zathu zomwe", ndipo inu mumasowa pomukanira. Ndaona ubale ukutha pa zoterezi. Ngongole yolembedwa, yokhala ndi masiku ndi mboni, imateteza nonse awiri. Za magawo mudzakambirane mukadzalembetsa kampani.

Tsopano masamu a m'kope lanu. Nkhuku imodzi ikukudyerani K10,000 kuchokera pa mwanapiye mpaka tsiku logulitsa, ndipo K7,000 mwa imeneyo ndi chakudya. Mukugulitsa pa K13,000. Anthu ambiri pamenepa amathamangira kunena kuti phindu ndi K3,000 pa nkhuku. Bambowo akugwirani bodza nthawi yomweyo, chifukwa nkhuku zimafa. Pa anapiye 300 mulowetsa K3,000,000. Akafa 15, monga zimakhalira kwa inu pa asanu mwa 100 alionse, mugulitsa 285 n'kupeza K3,705,000. Phindu lenileni ndi K705,000 ulendo umodzi. Nambala imeneyi ndi imene ikulamula zimene mungalonjeze. Mukalonjeza kubweza K1,000,000 ulendo uliwonse pofuna kuwasangalatsa, mudzayamba kudya phindu la nkhuku zanu zakale, ndipo ulendo wachitatu mudzapezeka kwa akatapila.

Mawu ake

Chichewa chili ndi mawu ataliatali. Ine ndikayesa ndi wotchi, mphindi zitatu zimanditengera mawu osapitirira 300 ndikamayankhula modekha. Nawa:

"Zikomo Bambo pondipatsa mpata. Ndimaweta nkhuku za nyama ku Mitundu, ndipo ndabwera kudzakupemphani ngongole ya K4,500,000 imene ndidzabweze ndi phindu. Ndifotokoze mwachidule.

"Ndagulitsa maulendo asanu ndi anayi, nkhuku 200 ulendo uliwonse. Nkhuku imodzi imandidyera K10,000 ndipo ndimagulitsa K13,000. Ndikachotsa zakufa, ndimatsala ndi K470,000 pa ulendo. Zonse zili m'kope ili, ndipo zikugwirizana ndi sitetimenti ya pafoni iyi.

"Vuto langa si msika. Malo odyera awiri amene ndimaperekako akufuna nkhuku 300 zowonjezera ulendo uliwonse, makalata awo ndi awa. Panopa zotsalazo amakagula kwina chifukwa khola langa ndi laling'ono.

"Ulendo woipitsitsa unali wa Januwale, pamene matenda a gumboro anandiphera nkhuku 31 nditachedwetsa katemera. Kuyambira pamenepo katemera wa chitopa ndi wa gumboro ndimapereka pa tsiku lake, ndipo khola limapuma masabata awiri ndisanalowetse anapiye ena. Chakudya cha ulendo wonse ndimagula tsiku limodzi kuti mtengo usandikwerere pakati.

"Pa ndalama ndikupemphayi, K1,500,000 ikulitsa khola ndi kugula zodyera ndi zomwera. K3,000,000 igula anapiye 300, chakudya chawo, katemera ndi makala. Nkhuku zimenezi zizibweretsa phindu la K705,000 pa masabata asanu ndi atatu alionse.

"Ndizikubwezerani K700,000 ulendo uliwonse, maulendo asanu ndi anayi. Zonse pamodzi ndi K6,300,000 m'miyezi 18, kutanthauza kuti mupeza K1,800,000 pamwamba pa ndalama yanu. Yoyamba mudzalandira pakatha miyezi itatu. Ulendo wina ukavuta, ndidzalipira kuchokera pa nkhuku zanga 200 zija, ndipo izi tilemberana pamaso pa mboni.

"Ndiye Bambo, pempho langa ndi ili: K4,500,000, kubweza K6,300,000 m'miyezi 18. Ndikupempha kuti Lachiwiri likudzali mubwere, kapena mutume munthu, kudzaona khola ndi kope, kuti Lachisanu linalo mudzandiyankhe. Kodi Lachiwiri m'mawa zingatheke?"

Mukafika pamenepo mutseke pakamwa. Apa m'pamene ambirife timagwera. Chete wa masekondi asanu amamveka ngati chaka, ndiye munthu umayamba kudzitsitsa wekha: "koma ngakhale theka lingathandize." Ayi. Theka silimanga khola n'kudyetsanso nkhuku, ndipo mukalitchula nokha mwawauza kuti nambala yanu inali yongopeka. Funso la Lachiwiri lija lili pamenepo dala. Munthu amatha kuyankha "tiona" pa nkhani ya mamiliyoni, koma pa funso la tsiku amayenera kunena inde, ayi, kapena kutchula tsiku lina.

Mwina mukudabwa kuti ndaikamo za nkhuku 31 zija. Ndinaziona pa tsamba lachinayi la zithunzi zanu, pomwe munalemba ndi cholembera chofiira. Musazibise. Aliyense amene anakhalapo pafupi ndi khola amadziwa kuti woweta wonena kuti sanaluzepo ndi wabodza kapena wangoyamba kumene. Mukazitchula nokha limodzi ndi chimene munasintha, funso limene akanakukolani nalo mwaliyankha kale. Koma chiganizo chilichonse m'mawuwa chikhale choona pofika Lachisanu. Ngati makalata aja simunawapeze, chotsani mzerewo ndipo mutsitse nambala ya nkhuku kufika pa zimene muli nazo umboni. Ngati chakudya mumagula thumba limodzilimodzi, musanene kuti mumagula tsiku limodzi.

Funso limene ndikuganiza kuti adzakufunsani ndi la chikole. Mulikonzekere muli kunyumba, mukambirane ndi apabanja panu chimene mungatchule, kaya ndi njinga yamoto kapena firiji, ndipo malo a makolo musawatchule ngakhale atakupanikizani. Angafunsenso za mwezi wa Okutobala, pamene kutentha kumapha nkhuku zonenepa zotsala masiku ochepa kuti zigulitsidwe. Muwauze mmene khola latsopanolo lidzapitire mphepo, ndi kuchuluka kwa nkhuku zimene mudzaike pamalo. Mawuwa muwayeserere mokweza kasanu ndi wotchi ya pafoni, pamaso pa munthu amene sakuopani, mpaka muzitha kuwanena osayang'ana papepala. Kope lija mulowe nalo lili m'manja, lotsegula kale pa tsamba la ulendo womaliza.